Lachitatu: mzere wakuda pa sikani ya chiwindi

Lero m'chipinda cha sikani ndinali ndi wophunzira, mtsikana wachidwi amene wangoyamba kumene kugwira pulobu, kachipangizo kamene timayendetsa pakhungu pojambula za m'kati mwa thupi. Odwala oyamba anali bambo achikulire, a cheya chambiri pamimba, amene anatumizidwa kuti tione chiwindi ndi ndulu. Ndinamusiya mtsikanayo kuti ayambe yekha, ine nditaima kumbuyo.

Anathira jelo pang'ono, nayika pulobu pansi pa nthiti zakumanja. Pa sikirini chiwindi chinaoneka mbali imodzi yokha. Mbali inayo kunali mzere wakuda bii, wotsika mpaka pansi pa chithunzi.

"Aphunzitsi, kodi si mthunzi wa mwala wa m'ndulu uwu?" anandinong'oneza.

Ndinamuuza aone pamene mzerewo wayambira. Mthunzi wa mwala umayambira pakati pa chithunzi, kuseri kwa kanthu kowala komwe ndi mwalawo. Wa nthiti umayambira pansi pang'ono pa khungu, kuseri kwa kamzere kowala kokhota. Koma uwu unayambira pamwamba penipeni, pomwe pulobu imakhudza khungu, ndipo pamwambapo panali timizere towala topingasa, totalikirana mofanana. Chimenecho ndi chizindikiro cha mpweya. Nsonga imodzi ya pulobu inali itakhala pa cheya chouma. Anawonjezera jelo, naipaka mpaka cheya chonse chitagona, nakanikiza pang'ono. Mzere uja unazimiririka pomwepo, ndulu n'kuoneka bwinobwino, yopanda mwala.

Bambowo anafunsa ngati jeloyo ndi mankhwala. Ndinawayankha kuti ayi bambo, mbali yaikulu ndi madzi, amangowonjezamo zolimbitsa kuti isayenderere. Anaseka, nati ikuzizira.

Pa nthawi yopuma mtsikana uja sanandisiye. Ankafuna kudziwa kuti kampweya kochepa chonchija kangatseke bwanji chithunzi, pomwe phokoso limayenda mumpweya tsiku ndi tsiku. Funsoli ndimalikonda, chifukwa ambiri amangoloweza kuti "jelo imachotsa mpweya" n'kuthera pomwepo. Tinatenga pepala.

Pulobu imatumiza mafunde a phokoso lokwera kwambiri, loti khutu silingamve. Yapamimba yomwe tinagwiritsa ntchito inali pa 3.5 MHz, kutanthauza mafunde 3.5 miliyoni pa sekondi. Ikatumiza imakhala chete n'kumvetsera zimene zabwerera, ndipo chithunzi chonse chimapangidwa ndi zobwererazo. Mafunde amabwerera pamalire a zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuchuluka kwa obwerera kumadalira chinthu chimodzi chotchedwa impidensi, chomwe chimasonyeza mmene chinthu chimalimbira kuti mafunde achigwedeze. Timachipeza pochulukitsa kulemera kwa chinthucho pa kiyubiki mita imodzi ndi liwiro la phokoso m'kati mwake: Z = ρ × c.

Kiyubiki mita ya mpweya imalemera pafupifupi makilogalamu 1.2, ndipo phokoso limathamangamo mamita 343 pa sekondi. Tikachulukitsa tipeza pafupifupi mareyilo 400, poti impidensi timaiyeza m'mareyilo. Minofu yofewa ya thupi imalemera pafupifupi makilogalamu 1,060 pa muyeso womwewo, liwiro lake n'kukhala mamita 1,540 pa sekondi, ndiye timapeza mareyilo 1.63 miliyoni. Thupi likuposa mpweya maulendo pafupifupi 4,000. Ndinamuonetsa kuti kusiyana kwa liwiro n'kochepa, sikufika n'kasanu komwe. Chimene chakulitsa mpatawo ndi kupepuka kwa mpweya.

Gawo la mphamvu imene imabwerera pamalire timaliwerengera chonchi: R = ((Z2 − Z1) / (Z2 + Z1))², pomwe Z1 ndi Z2 ndi impidensi ya zinthu ziwirizo. Ndinamupatsa kuti awerengere yekha. Nambala ya mpweya ndi yaing'ono kwambiri moti kaya uichotse kaya uiphatikize ku 1.63 miliyoni, palibe chimene chikusintha kwenikweni, choncho yankho limayandikira 1. Linatuluka 0.999. Pa magawo 1,000 a mphamvu, 999 amabwerera, limodzi lokha ndilo limalowa m'thupi. Ndiye kumbukirani kuti kagawo kamodziko kayenera kukafika kuchiwindi, n'kubwerera, n'kudzaolokanso malire omwewo potuluka. Pa malire a khungu okhawo, kulowa ndi kutuluka, patsala gawo limodzi pa miliyoni, tisanawerengere malire ena a pakati pa pulobu ndi mpweya. Makina alibe choti amve, ndiye amajambula mdima. Timizere topingasa tija ndi mafunde amene akungogunda uku ndi uku pamaso pa pulobu, osapita patali.

Aliyense amene anamirapo m'madzi anzake akukuwa kumtunda amadziwa kuti mawu awo amamveka pang'ono zedi. Nkhani yake ndi yomweyi, mawuwo amabwerera pamwamba pa madzi.

Chimene chinamudabwitsa n'chakuti kuchepa kwa mpata sikuthandiza. Iye ankaganiza kuti ukakanikiza mwamphamvu pakhungu louma, mafunde adumpha kampatako. Sadumpha. Kampweya kopyapyala kuposa tsitsi limodzi kamakwana kubweza pafupifupi zonse, ndipo khungu lili ndi timakwinya, timabowo ndi cheya, momwe mpweya umabisala ngakhale ukanikize chotani. Kukanikiza kopanda jelo kumangopweteka wodwala.

Jelo, poti ndi madzi ambiri, impidensi yake ili pafupi ndi 1.5 miliyoni. Tinaikanso manambala: 1.63 kuchotsa 1.5 ndi 0.13, kugawa ndi 3.13, n'kuchulukitsa yankho ndi lokha. Zobwerera sizikwana ngakhale theka la peresenti imodzi. Zotsala zonse zimalowa.

Apa ndinamuchenjeza kuti asatenge kusiyana kwa impidensi ngati mdani. Popanda kusiyanako sitingaone kanthu. Mafuta a m'thupi ali pafupi ndi 1.38 miliyoni, mnofu weniweni 1.70 miliyoni, ndipo pamalire awo pamabwerera pafupifupi peresenti imodzi. Imeneyo ndi yokwanira kujambula mzere wooneka bwino, pomwe 99 yotsalayo ikupitirira kukaunika zakuya. Vuto limabwera kusiyanako kukakula mopitirira. Pa fupa lolimba pamabwerera gawo lalikulu, pafupifupi magawo awiri pa asanu, ndipo zimene zalowa fupalo limazimeza msanga. N'chifukwa chake timazembera pakati pa nthiti.

Masana tinakumana ndi mpweya umene jelo singauthe. Mayi wina anali ndi mpweya wambiri m'matumbo, ndipo kapamba anabisika kuseri kwa mthunzi wotuwa, wosayera m'mbali, wosiyana ndi wa mwala. Mtsikana uja anafikira botolo la jelo, ndinamugwira dzanja. Pamwamba pa chithunzi panali bwino, khungu ndi mafuta zikuoneka, kutanthauza kuti vuto linali m'kati. Tinawapempha mayiwo agonere kumanzere, tinakanikiza pang'onopang'ono kuti mpweya usunthe, kenaka tinawamwetsa madzi kuti chifu chodzaza chikhale polowera mafunde. Mutu ndi thunthu la kapamba zinaoneka, mchira wake unakana, ndipo ndinalemba choncho mu lipoti.

Womaliza anali woti adokotala amulowetse singano mumtsempha akuyang'ana pa sikirini. Apa pulobu imavekedwa kathumba kosakhala ndi tizilombo, ndipo jelo imafunika mbali zonse ziwiri, m'kati mwa kathumba ndi kunja. Anthu amakumbukira yakunja n'kuiwala yam'kati, kapena kusiya kathovu pakati pa pulasitiki ndi maso a pulobu. Kathovu kamodzi kamagwetsa mzere wakuda pomwe ukufuna kuona nsonga ya singano. Ndinamuonetsa kusalaza kathumbako ndi chala chovala golovesi, kuchokera pakati kupita m'mbali, asanamange kalabala. Yakunja tinatsegula ya m'kapaketi kogwiritsa ntchito kamodzi. Ya m'botolo lapatebulo siyenera kuyandikira pobaya kapena pabala, chifukwa tizilombo timatha kuswana mu jelo, makamaka m'mabotolo amene anthu amangowonjezeramo osawatsuka. Mawa mtsikanayu ayamba yekha kuveka kathumba, ine ndizingoyang'ana pamwamba pa chithunzi.