Chuma cha malume anga a ku London

Maliro ake ndinawamvera pa WhatsApp, ndikuyala majekete a kaunjika mumsika wa Taifa. Loya wina wa ku London ankandipepesa kuti injiniya wa mfunda ngati wanga wafa pangozi pamodzi ndi banja lonse, wasiya madola 8.5 miliyoni kubanki. Wachibale akapanda kupezeka, boma lilanda. Ine ndingovomera kuti ndi malume anga, nditenge 40 peresenti, koma ndisauze munthu. Ndinawalira malumewo mpaka masana.

Poyamba sanapemphe ndi tambala yomwe. Anangofuna chithunzi cha chiphaso changa cha unzika ndi nambala ya akaunti, kenako ananditumizira satifiketi ya imfa yokhala ndi zidindo zitatu. Umu ndi mmene amasankhira anthu: uthenga umodzi amautumiza kwa ambirimbiri, ndipo amene wapereka chiphaso osafunsa kanthu ndi amene amamusamalira. Nambala ya loyayo inkayamba ndi +229, ya ku Benin, pomwe ya ku Britain ndi +44. Anati ali kutchuthi.

Ndalama yoyamba inali K45,000 ya kalata yolumbira kukhoti. Amayamba ndi yochepa dala, yoti ukaiyerekeza ndi mamiliyoni uchite manyazi kudandaula. Ndinafunsa kuti bwanji osangodula pachuma cha malemu. Yankho linali lokonzeratu: akaunti ndi yotseka mpaka mapepala atatha. Chinyengo chonse chagona pamenepa, chifukwa chuma chenicheni chimalipira chokha zolipira zake, wolandira sayamba wapereka. Ku Nigeria amachitcha 419, nambala ya gawo la malamulo awo lokhudza kubera munthu pomunamiza.

Kenako panabwera K180,000 ya chikalata chotsimikiza kuti ndalamazo si za zigawenga. Ndinagulitsa belo lonse motchipa, Juni ali pakhomo, nthawi imene Mzuzu yense amasaka jekete. Zonse ndinkatumiza palamya kwa “wothandizira” wa konkuno ku Malawi, ndipo dzina lotuluka potumiza linkasintha ulendo uliwonse. Manambalawo amalembetsa ndi ziphaso za eni, ndalama amakatapa kwa ejenti nthawi yomweyo, ndiye ukamapempha kuti ibwezedwe muli mbee.

Itafika nkhani ya kazembe amene wakanirira ndi bokosi la ndalama pabwalo la ndege ku Lilongwe, akufuna K600,000, ndinapita ku Chibavi kukakongola kwa alamu anga. Ndinawalumbiritsa kaye kuti asunge chinsinsi.

“Alamu, malemuwa anafa pa Disembala, galimoto itagwera mumtsinje?” anafunsa akutulutsa foni.

Satifiketi yawo inali yomweyo, zidindo zomwezo, koma mfunda unali wawo. Iwo anali atafika kale pa kazembe, njinga yamoto atagulitsa. Tidakali chikhalire, foni yawo inalira: “wapolisi wa Interpol” wagwira akubawo, ndipo ndalama zonse zibwezedwa akangotumiza K70,000 yotsegulira failo. Alamu anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndatsala ndi kenakake.