Mphindi yoyamba ya pulogalamu yamacheza: mmene ndimailembera

Pulogalamu imene ndimalembera muno mu Chipata ndi ya mphindi 26, ya zaulimi, ndipo mu situdiyo mumakhala woulutsa mmodzi, alendo awiri ndi makamera atatu. Macheza enieniwo sindilemba mawu ndi mawu, ndimangokonza mafunso. Koma mphindi yoyamba ndimailemba yonse, mpaka pamene woulutsa atembenukire, chifukwa anthu anayi amadalira pepala lomwelo: woulutsa, dayirekita, woika mawu pasikirini ndi wa makina a mawu. Ndifotokoza ndi pulogalamu imene tinakamba za chuku cha m'nshawa. Maina enieni ndawabisa, ndaika Uje ndi Ujeni.

Ndimayamba ndi funso loyamba, ndipo moni ndimalemba pambuyo. Ndikadziwa funso limene macheza ayambire, ndimadziwanso zimene woonera ayenera kumva lisanafunsidwe, ndipo zotsalazo zimadikira. Alendo athu anali mayi wolima nshawa wa ku Katete ndi mlangizi wa zaulimi. Nditacheza ndi amayiwo pafoni anandiuza kuti chaka chatha ogula anawabwezera matumba chifukwa cha chuku, koma chaka chino onse anagulidwa. Funso linapezeka pomwepo: "Amayi, tsiku limene matumba anabwezedwa, ogula anaona chiyani?" Funso lotere silingayankhidwe ndi inde kapena ayi, ndipo munthu amene sanakhalepo pamaso pa kamera amaliyankha mosavuta chifukwa akungofotokoza zimene anaona ndi maso ake.

Kenako ndimalemba mawu okopa, amene woulutsa amanena nyimbo ya pulogalamu isanalire. Ndinalemba kuti: "Nshawa zimene mwasunga m'nyumba zingaoneke zabwino kunja, koma m'kati muli chuku chimene chingadwalitse banja lanu. Chimalowa liti, ndipo tingachiletse bwanji?" Ndisanawatseke ndinawawerengera alangizi aja kuti atsimikize, chifukwa woulutsa akalonjeza chinthu chimene alendo sangachiikire umboni, pulogalamu yonse imakhala yobweza mawu.

Mawuwa ndi 20. Ophunzitsa zoulutsa m'Chingerezi amati munthu amawerenga mawu atatu pa sekondi, ndiye mwa masamu awo akanatha m'masekondi 7. Woulutsa wathu, powerenga mosathamanga, anatenga masekondi 12. Mawu athu ndi ataliatali. "Chingadwalitse" ndi liwu limodzi koma lanyamula chiganizo pafupifupi chonse. Ndiye ine sindiwerengetsa mawu. Ndimaimirira, n'kuwerenga mokweza ndi wotchi ya pafoni, n'kulemba nthawi pambali pa mzere uliwonse. Mukangowerenga chamumtima mudzaona ngati zakwana, koma tsiku lojambula dayirekita adzayamba kuzunguliza chala kuti woulutsa afulumire, ndipo mawu adzatuluka omezedwa.

Pepalalo ndimaligawa pawiri. Kumanzere kumakhala zooneka, kumanja zomveka. Zizindikiro za kumanzere timalemba mmene ogwira makina anazizolowerera: `CAM` ndi kamera, `MCU` ndi chithunzi choyambira pachifuwa kupita kumutu, `WS` ndi chithunzi cha situdiyo yonse, ndipo `L3` ndi kachikwangwani ka dzina kamene kamatuluka m'munsi mwa sikirini. Mbali ya kumanzere ya tsikulo inali motere:

```
0:00 CAM 2 MCU        mawu okopa
0:12 nyimbo, CAM 3 WS
0:20 CAM 2 MCU + L3-1 moni
0:28 CAM 2            mlendo 1
0:36 CAM 1 MCU + L3-2
0:43 CAM 2            mlendo 2
0:48 CAM 1 MCU + L3-3
0:54 CAM 3 WS         funso 1
```

Moni wa woulutsa ndi waufupi: "Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaulimi kuchokera muno mu Chipata. Ine ndine Uje Tembo." Basi. Oulutsa ambiri amafuna kupereka moni kwa a ku Lundazi, a ku Petauke, a ku Chadiza mpaka a tsidya la Mwami. Pawailesi zimakoma ndithu, koma pakanema woonera amakhala akuyang'ana alendo awiri amene angoti duu, osadziwa poika manja.

Pamene ndimakhalitsa ndi podziwitsa alendo, chifukwa pakamwa ndi pasikirini pamagwira ntchito ziwiri zosiyana. Kachikwangwani kamanena kuti munthuyu ndani. Pakamwa pa woulutsa pamanena chifukwa chake waitanidwa lero. Zikanena zofanana, mwataya masekondi. Za amayi aja ndinalemba kuti: "Lero tili ndi amayi Phiri ochokera ku Katete. Chaka chatha ogula anakana matumba awo chifukwa cha chuku, koma chaka chino onse agulidwa. Amayi, takulandirani." Amayiwo ndi apampando a gulu la alimi, amayimbanso kwaya, ndipo zonsezi anandiuza. Sindinaziike, chifukwa woonera akufuna kudziwa chinthu chimodzi: n'chifukwa chiyani ndimvere munthu ameneyu pa nkhani ya chuku? Za alangizi ndinalemba kuti: "Tilinso ndi bambo Banda, alangizi a zaulimi amene amayendera alimi a nshawa nthawi yokolola. Abambo, takulandirani."

Mawu akuti "takulandirani" ndinawasankha dala. Woulutsa akati "Muli bwanji, amayi?", munthu woleredwa bwino sangangoti "ndili bwino" n'kukhala chete. Adzabweza moni, adzafunsa za kunyumba, mwina n'kuthokoza Mulungu ndi amene anamuitana, ndipo sanalakwe. Koma alendo awiri akatero masekondi 20 apita ndipo makamera asokonezeka. Ndiye moni wathunthu timapatsana tisanayambe kujambula, woulutsa n'kuwapempha mwaulemu kuti: "Amayi, kamera ikayaka ndidzangoti takulandirani, inu mudzangoti zikomo, zambiri tikamba m'kati." Palibe amakhumudwa akauziratu. Pepala la woulutsa ndimalembaponso ndi zilembo zazikulu kuti TEMBENUKIRANI KWA AMAYI, pamalo enieni pamene asiye kuyang'ana kamera. Popanda zimenezi amalandira mlendo maso ali kwa oonera, ndipo zimaoneka ngati mwano.

Woyamba kutchulidwa ndani? Pulogalamu wamba ndimayamba ndi mwini nkhani, n'chifukwa chake amayi anatsogola ngakhale alangizi ndi ophunzira kwambiri. Pakakhala amfumu zimasintha: iwo amatchulidwa poyamba, ndi ulemu wawo wonse. Apa ndimafunsa nduna zawo mmene afunira kutchulidwa, chifukwa kwa Achewa a Kalonga Gawa Undi ndi kwa Angoni a Mpezeni katchulidwe sikafanana. Ndipo ngati wabwera ndi nthumwi, kachikwangwani kayambe ndi "Woimira", osampatsa ufumu umene si wake.

Tsopano kachikwangwaniko. Kali ndi mizere iwiri: pamwamba dzina, pansi udindo kapena kochokera. Ndimakalemba papepala lapadera, kalikonse ndi nambala yake, kuti woika mawu pasikirini asamasakesake m'kati mwa sikiliputi.

```
L3-2  UJE PHIRI
      Mlimi wa nshawa, Katete
L3-3  UJENI BANDA
      Mlangizi wa zaulimi
```

Pakamwa timati "amayi Phiri", "a Banda", koma pasikirini ndimaika dzina lokha, kwa alendo onse mofanana. Mukaika ulemu kwa mmodzi n'kusiya mnzake, oonera amaona msanga. Mzere wachiwiri pa makina athu umalandira zilembo pafupifupi 30. "Mlimi wa nshawa, Katete" ndi 23 kuphatikiza mipata. Udindo wonse wa amayiwo, "Wapampando wa gulu la amayi olima nshawa ndi soya m'boma la Katete", umapitirira 60. Makina akaulandira amachita chimodzi mwa ziwiri: amadula kumapeto, kapena amafinya zilembo mpaka woonera pafoni sangaziwerenge. Mukaona mzere wapansi uli wopyapyala kuposa wa mlendo winayo, dziwani kuti wafinyidwa, ndipo mankhwala ake ndi kudula mawu, osati kuchepetsa zilembo.

Dzina sindililemba mongomva pafoni. Ndimapempha mlendo alilembe yekha mu uthenga monga liliri pa reji yake, ndipo tsiku lojambula ndimamuonetsa pasikirini kuti avomere. Kuno tilinso ndi vuto la kalembedwe: mabuku a sukulu m'Zambia amalemba c pamene ena amalemba ch. Pa mawu wamba sankhani njira imodzi pulogalamu yonse. Pa dzina la munthu tsatirani mwini wake. Yesaninso zilembo zapadera pa makina enieniwo. Chilembo cha ŵ pa mitundu ina ya zilembo chimatuluka kabokosi kopanda kanthu, ndipo kankhodolero ka m'mawu ngati Nc'wala kapena ng'ombe nthawi zina kamasanduka zizindikiro zachilendo mukakopera kuchokera pa pulogalamu ina ya kompyuta. Zimenezi papepala sizioneka, zimaoneka pasikirini pokha.

Nthawi yotulutsa kachikwangwani ndimailembanso. Katuluke pokhapokha mlendo ali yekha pachithunzi. Pa chithunzi cha anthu atatu woonera sadziwa kuti dzinalo ndi la yani. Kakhale masekondi 5 kapena 6, okwanira kukawerenga kawiri mosathamanga. N'chifukwa chake `CAM 1` imalowa pa 0:36, woulutsa akadali pakati pa chiganizo chachiwiri: nkhope ya amayi ndi dzina lawo zikuoneka pamene mawu ake akupitirira. Mukadikira mpaka amayi anene "zikomo", chithunzi chawo chimakhala sekondi imodzi yokha ndipo dzina silingawerengeke. Popeza `CAM 1` yomweyo ndiyo imajambula alendo onse awiri, ndinaika masekondi 5 a woulutsa pakati, kuyambira 0:43 mpaka 0:48, kuti wakamera asunthire kwa alangizi osaoneka akugwedezeka. Maina onse amatulukanso pa yankho loyamba la mlendo aliyense, ndiponso tikabwera kuchokera ku malonda, chifukwa ena amatsegula kanema pakati.

Mawu asafike m'mphepete mwa sikirini, chifukwa makanema ena amadula pang'ono m'mbali. Ngati pulogalamu idzadulidwanso tizidutswa toimirira ta pafoni, uzani woika mawu msanga, popeza kachikwangwani koyambira kumanzere kwenikweni kamadukiratu. Ife timasunga kope lopanda maina n'kuwaikanso pakati.

Poyeserera tsikulo, woulutsa anawerenga, dayirekita akuitana makamera, ine ndili ndi wotchi. Tinafika pa funso loyamba pa 0:58 m'malo mwa 0:54. Masekondi anayiwo anatayika pa alangizi, amene m'malo mwa "zikomo" anayamba kuthokoza akuluakulu a kuntchito kwawo. Woulutsa anawanong'oneza kuti adzawapatsa mpata wothokoza kumapeto, ndipo ine ndinawonjezera mzerewo pa tsamba lomaliza la sikiliputi kuti asaiwale. Titabwereza, funso linafunsidwa pa 0:54, ndipo amayi anayamba kuyankha wotchi ikukwana mphindi imodzi.