Kapulogalamu kakuti tili pamwamba pa mtambo, pomwe mtambo uli pamutu pathu

Sabata ino yanditopetsa, ndipo zambiri zachokera pa Lachitatu. Masiku enawo anali achizolowezi pa desiki pathu pogulira ndi kugulitsira ndalama zakunja kuno ku Joni: kufika m'mawa, kutsegula matchati, kulemba kalipoti koti pa ndalama iyi tiyang'ane zogula, pa iyi zogulitsa, iyi isiyeni. Lolemba golide anali bwinobwino pamwamba pa mtambo wa Ichimoku, njira ya ku Japani yowerengera matchati, anabwerera kudzagunda mzere wake wa Kijun-sen n'kunyamukanso, palibe chonena. Lachiwiri EURUSD, mtengo wa yuro pa dola, inangokhala m'kati mwa mtambo tsiku lonse ndiye ndinalemba kuti osaigwira, anyamata n'kumadandaula kuti akungokhala, ine ndati khalani kumene.

Kwa amene simudziwa m'mene timagwirira kwathu, Ichimoku sitimaigwiritsa ntchito polowera pamsika ayi, ndi sefa chabe. Mtengo ukatseka pamwamba pa mtambo timaloledwa kufunafuna zogula, ukatseka pansi zogulitsa basi, ukakhala m'kati manja m'thumba. Lamulo ndinalemba ndine ndipo abwana anasainira. Tsono miyezi yapitayi anachotsa ntchito munthu wathu wa mapulogalamu ati kuchepetsa ndalama, n'kukapeza wina wa ganyu pa intaneti kuti alembe kapulogalamu koti kaziliza belu sefa ikatembenuka. Ndinapempha kuti tikayese kaye pa matchati akale tisanakakhulupirire, yankho linali lakuti nthawi palibe. Sikirini yanga yachiwiri nayo inafa kalekale, mpaka pano ndikudikirira siginecha.

Lachitatu masana ndili kumsonkhano wina wopanda mutu, belu linalira pa USDZAR, mtengo wa dola pa randi, tchati cha H4 chomwe kandulo iliyonse ndi maola anayi, ati mtengo watseka pamwamba pa mtambo. Mnyamata wathu watsopano anachita zomwe anauzidwa, anaona Tenkan-sen ili pamwamba pa Kijun-sen, belu lavomereza, n'kugula dola pa 18.50, sitopu, yotitulutsa mtengo ukatsika, pa 18.40. Ndikubwera ndikupeza zachitika kale. Ndinangoponya diso pa tchati mtima n'kuti phaa, chifukwa mtambo unali pamwamba pa kandulo, wofiira, kuyambira 18.56 mpaka 18.66. Tagula masenti 6 pansi pa mtambo.

Ndati, achimwene, mwayang'ana tchati musanadine? Iye ati, akulu, belu lalira, ndipo abwana anati belu likalira tisamachedwe ndi kuyang'anayang'ana. Sindinam'kalipire, walakwa chiyani mwana wa eni.

Ndinatsegula kapulogalamuko kuti ndione komwe kakutenga zimenezi, ndipo sizinatenge nthawi. Apa ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa ndaona anthu ambiri, ngakhale oti akhalitsa pa matchati, amasokonezeka pomwepa. Tenkan-sen ndi pakatikati pa mtengo wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri wa makandulo 9 apitawa. Si avereji ya mitengo yotsekera ngati mizere ina ija, ndi nsonga ndi tsinde kuphatikiza n'kugawa pawiri. Kijun-sen chimodzimodzi koma makandulo 26. Ndiye mtambo weniweniwo ndi mpata wa pakati pa mizere iwiri: Senkou Span A, yomwe ili pakati pa Tenkan-sen ndi Kijun-sen, ndi Senkou Span B, yomwe ndi pakatikati pa nsonga ndi tsinde la makandulo 52. Koma mizere iwiriyi ukaiwerengera lero suijambula pa kandulo ya lero, umaikankhira kutsogolo makandulo 26. Kutanthauza kuti mtambo womwe uli pa mtengo wa lero unawerengedwa makandulo 26 apitawo, pa H4 ndiye kuti masiku anayi amsika ndi kachidutswa. Womwe wawerengedwa lero uli uko kudzanja lamanja komwe kulibe makandulo.

Wa ganyu uja kukankhako anaiwala. Amayenera kulemba chonchi:

```python
span_a = ((tenkan + kijun) / 2).shift(26)
span_b = ((high.rolling(52).max() + low.rolling(52).min()) / 2).shift(26)
```

Iye `.shift(26)` sanaike pa mizere yonse iwiri. Ndiye taonani zomwe kapulogalamu kankaona. M'makandulo 9 omaliza nsonga inali 18.52 tsinde 18.30, Tenkan-sen 18.41. M'makandulo 26 nsonga yomweyo 18.52 koma tsinde 18.10, Kijun-sen 18.31. Pakati pa ziwirizi ndi 18.36, ndiye Span A imeneyo. M'makandulo 52 nsonga inali 18.82 tsinde 18.10, Span B 18.46. Kandulo itatseka pa 18.50 kapulogalamu kanaona kuti yadutsa 18.46, basi belu ngoo. Masamu onse olondola, koma mtambo wa 18.36 mpaka 18.46 ndi wa sabata yamawa, sunafike. Wa lero ndi uja unapangidwa dola isanagwe kufika 18.10, n'chifukwa chake unatsala m'mwamba.

Ndipo chondinyansa n'chakuti vuto lamtunduwu limabisala. Msika ukamayenda mbali imodzi kwa nthawi yaitali, mtengo umakhala kutali ndi mitambo yonse iwiri, wokankhidwa ndi wosakankhidwa, ndiye belu ndi tchati zimagwirizana, aliyense n'kumati kapulogalamu kali bwino. Zimasiyana makamaka mtengo ukagwa kwambiri kenako n'kudzuka mwamsanga, malo omwewo amene sefa timaifunira. Mtambo wosakankhidwa umatsika limodzi ndi mtengo, ndiye kudzuka pang'ono kokha wadutsidwa kale.

Ngakhale belu likanakhala lolondola, tchati chija chinali ndi zinthu zina ziwiri zoti munthu aime kaye. Mtambo wakutsogolo unali udakali wofiira, Span A 18.36 pansi pa Span B 18.46, sunapotoloke. Ndipo Chikou Span, womwe ndi mtengo wotsekera wa lero koma wobwezedwa m'mbuyo makandulo 26, unali utakodwa m'kati mwa makandulo akale aja, osatulukira pamwamba pake. Ine mzere umenewu ndimauwerenga mophweka: kodi lero tili pamwamba pa pomwe tinali makandulo 26 apitawo? Yankho linali lakuti tangobwerera pomwepo. Chokhacho chomwe chimaloza kumwamba chinali Tenkan-sen kudutsa Kijun-sen, koma kudutsana kochitikira pansi pa mtambo n'kofooka, aliyense wa Ichimoku amadziwa.

Ndinapita kwa abwana kukapempha kuti titseke pomwepo, mtengo uli 18.52, tituluke ndi kaphindu kochepa. Ndinawauza kuti kuchokera pomwe tinagula, kumwamba tili ndi mpata wa masenti 6 tisanagunde mtambo, kumunsi taika masenti 10, ndiye sizikupanga nzeru. Iwo ati, inu mumaopa kwambiri, mtambo wa masenti 10 ndi woonda, uboola. Kuonda kwa mtambo sikumayezedwa ndi nambala yokha bwana, ndinatero, kumayezedwa ndi kukula kwa makandulo a tchati chimenecho. Makandulo atsikulo ambiri anali a masenti 4 kapena 5, ndiye kuti pafunika awiri atatu amphamvu otsatizana kuti tituluke mbali inayo. Komanso denga lake, Span B ija, linali litagona chopingasa pa 18.66. Span B imagona chonchi pamene nsonga ndi tsinde la makandulo 52 sizikusintha, ndiye kuti 18.66 inali pakatikati pa msika kwa nthawi ndithu, ndipo malo otero mtengo sumangodutsapo ngati pamsewu. Sanamve. Ati tidikire.

Madzulo mtengo unakwera mpaka 18.57, kansonga ka kandulo kanalowa mu mtambo senti imodzi, abwana anatulukira mu ofesi mwawo akumwetulira n'kumandiyang'ana. Kandulo imeneyo inatseka pa 18.53, pansi pa Span A. Kwa ife chomwe chimawerengedwa ndi potsekera, kansonga kungolasa mtambo si kulowa. Yotsatira inali yofiira, yotsatiranso yofiira yaitali, Lachinayi m'mawa tikufika tinapeza sitopu yadyedwa, mtengo uli 18.38.

Sindikunena kuti mtambo umabweza mtengo nthawi zonse. Umabooledwa, kawirikawiri ndithu, makamaka pomwe Span A ndi Span B zikupingasana n'kuonda kufika pa ulusi, kapena pakatuluka nkhani yaikulu ya chiwongoladzanja ku Amereka, randi siyang'ana mtambo wa munthu. Ndipo msika ukamangozungulira malo amodzi sefa yomweyi imakutembenuza uku ndi uku mpaka kutopa, chifukwa mtambo umakhala pakati penipeni pa mitengo. Imachedwanso, ukamadikira kuti kandulo itseke pamwamba pa mtambo gawo loyamba la ulendo limakhala lapita. Zonsezo timazidziwa ndipo tinavomera kulipira mtengo umenewo. Tsiku lija ukanatha kuboola, inde. Koma lamulo lathu silinkalola kugula pamenepo, ndipo tinagula chifukwa makina anatinamiza.

Msonkhano wa Lachinayi ndiye unandipsetsa mtima. Poyamba mlandu unkapita kwa mnyamata uja, nditawaonetsa mizere iwiri ya kapulogalamu mlandu unasamukira kwa Ichimoku yeniyeniyo, ati n'zachikale za ku Japani, manambala 9, 26 ndi 52 anapangidwira nthawi yomwe anthu ankagwira ntchito masiku 6 pa sabata, tisinthe. Mbiriyo ndi yoona, Goichi Hosoda, mtolankhani amene anakonza njirayi n'kuitulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ankagwira pa matchati a tsiku ndi tsiku ndipo 26 inali ngati mwezi wantchito. Koma zikukhudzana bwanji ndi `.shift(26)` yosowa? Muike manambala alionse omwe mukufuna, osakankha mtambo vuto ndi lomwelo. Ine manambala sindisintha, chifukwa ndi omwe amabwera kale pa MetaTrader ndi TradingView ndipo anthu ambiri akuyang'ana mtambo womwewo. Chomwe ndinawachenjeza n'chakuti pokonza aonetsetse kuti kapulogalamu kakufanana ndi tchati chomwe timagwiritsa ntchito, poti mapulogalamu ena amawerenga kandulo ya lero ngati yoyamba n'kukankha 25. Kusiyana kwa kandulo imodzi nthawi zambiri sikuoneka, koma pomwe mtambo ukutsetsereka kumasintha nambala. Kuyesa kwake n'kosavuta: kuika kasa pa kandulo iliyonse yakale, kuwerenga Span A ndi Span B pa sikirini, n'kufananiza ndi zomwe kapulogalamu kakutulutsa pa kandulo yomweyo. Makandulo khumi okha akanakwana kugwira vutoli mwezi woyamba.

Lachisanu kunalibe zambiri. Golide anatsikira pa denga la mtambo wake n'kuima pomwepo, ndinalemba kuti zogula zikadali zololedwa bola asatseke m'kati. EURUSD inatulukira pansi koma Chikou Span isanamasuke, ndati tidikire Lolemba. USDZAR ikadali pansi pa mtambo, zogulitsa zokha.

Belu ndalizimitsa ndekha ndipo ndauza anyamata kuti sefa tiziwerenga ndi maso kandulo ya H4 iliyonse ikatseka, ndalama zonse zomwe timatsata, pa sikirini imodzi yomweyi. Wa ganyu uja ati akonza akalipidwa ndalama yake yotsala, a maakaunti ati invoisi yake sanaione, abwana ati tikambirana sabata yamawa.