Momwe tinayezetsera mwana wathu wanzeru koma wovuta m'kalasi

Mwana wathu wamwamuna ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali giredi 3 pasukulu ina ya boma kuno ku Joni. Kunyumba timayankhula Chichewa, kusukulu amaphunzira m'Chingerezi. Anadziwa kuwerenga asanayambe sukulu, pongoyang'ana zolemba za pamapaketi a ufa ndi zikwangwani za mumsewu. Koma makalata ochokera kusukulu sankanena za nzeru zakezo. Ankanena kuti amayankha asanalozedwe, amawakonza aphunzitsi akamayankhula, amadzuka pampando n'kumayendayenda, ndipo makope ake ali mbee. Masamu amatchula yankho lolondola pakamwa, koma kuti alembe njira yake, misozi. Aphunzitsi ake, mayi oleza mtima amene ali ndi ana ambirimbiri m'kalasi, anandiitana n'kundiuza mosabisa kuti akukayikira ADHD, vuto lija la kulephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Agogo ake kumudzi, nditawafotokozera pafoni, anangoti, "Mwamulekerera inu, mwana ameneyo akufunika kamkwapulo." Ine ndinkaona kuti onse awiri akuona chinthu chenicheni, koma mbali imodzi yokha.

Choyamba sichinali mayeso a nzeru ayi. Ku South Africa kuno kuli ndondomeko ya boma ya m'chaka cha 2014 yotchedwa SIAS, imene imati mphunzitsi akaona vuto ayambe wakambirana ndi makolo n'kulemba pafomu zimene waona ndi zimene wayesa kale, kenako nkhaniyo ipite ku kagulu ka aphunzitsi a pasukulupo kothandiza ana ovutika. Tinadzaza fomuyo limodzi. Kenako tinapita kuchipatala kukamuyeza maso ndi makutu, ndipo adokotala anafunsanso za kagonedwe ndi kadyedwe kake. Musadumphe pamenepa. Mwana amene sakumva bwino, kapena amene amagona mochedwa tsiku ndi tsiku, amavuta m'kalasi mofanana ndendende ndi wotopa ndi maphunziro osavuta. Zonse zinali bwino.

Chimene chinathandiza kwambiri, ndipo sichinadye ndalama, ndi kakope kamene ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kulembamo. Tsiku lililonse akavuta, tinkalemba zinthu zitatu: inali nthawi yanji, ankayenera kuchita chiyani, ndipo chinachitika n'chiyani chisanayambe chipwirikiticho. Patapita masabata angapo chithunzi chinaoneka chokha. Ankasokoneza pa nthawi yobwereza zimene anazidziwa kale, ndi pa nthawi yokopera za pabolodi. Tsiku limene aphunzitsi anayamba mutu watsopano wa momwe mbewu zimamwera madzi, anakhala chete phunziro lonse, maso ali tong'o. Kunyumba amatha ola lathunthu akumasula wailesi yakufa, kutchalitchi amakhala bwinobwino, ndipo sataya zinthu zake kuposa anzake.

Ndi kakope kameneka tinapita kwa katswiri wa zamaganizo woona za maphunziro a ana. Anthu amenewa ayenera kukhala olembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo kuno, ndipo dzina la munthu mukhoza kuliyang'ana pa kaundula wawo musanalipire. Ambiri amadula. Mayunivesite ena ali ndi makiliniki kumene ophunzira ntchitoyi amayeza ana moyang'aniridwa pamtengo wotsika, kungoti mumadikira pamzere. Ife tinadutsira njira imeneyo.

Ulendo woyamba katswiriyo, amene anali mayi, anatiitana ine ndi bambo ake okha, popanda mwana. Anafunsa kuyambira pa mimba, kubadwa kwake, pamene anayamba kuyenda ndi kuyankhula, zinenero za kunyumba, anzake amene amasewera nawo. Nditanena kuti amakonda kucheza ndi anyamata a giredi 6 koma akagonja pa mpira amadzigwetsa pansi n'kulira ngati kamwana, mayiyo analemba nthawi yaitali. Anatipatsa mapepala a mafunso okhudza khalidwe, lina la ife, lina la aphunzitsi, kuti aliyense ayankhe payekha. Chifukwa chake n'chakuti kuti anene kuti mwana ali ndi ADHD, zizindikiro ziyenera kuoneka m'malo awiri kapena kuposerapo, osati kusukulu kokha, ziyenera kukhala zitatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zikhale zitayamba asanakwanitse zaka 12.

Tsiku la mayeso tinapita m'mawa atadya phala, atagona mokwanira. Tinamuuza kuti akukasewera masewera a nzeru, ena osavuta, ena ovuta kwambiri moti ngakhale akulu amalephera, ndipo palibe kukhoza kapena kulakwa. Mawu amenewa ndi ofunika kwa mwana wotere, chifukwa mayesowa anapangidwa kuti azilimba pang'onopang'ono mpaka mwana alephere mafunso angapo motsatizana, ndipo mwana amene sanazolowere kulephera akhoza kutaya mtima pomwepo. Musamukonzekeretse ndi mafunso ofanana nawo, mungowononga zotsatira zimene mwalipirira.

Mayeso ake anali WISC-V, omwe amayezera ana a zaka 6 mpaka 16. Ine ndinadikira panja, koma mayiyo anatifotokozera bwino pambuyo pake, ndipo mwanayo m'takisi sanasiye kukamba. Panali timatabwa tofiira ndi toyera toti asanje mofanana ndi chithunzi, wotchi ikuyenda. Panali mafunso oti anene kuti zinthu ziwiri zikufanana bwanji. Panali zithunzi zosowa kachidutswa kamodzi koti apeze. Panali manambala oti abwereze monga anamvera, kenako chobwerera m'mbuyo. Ndiye panali kamene anadana nako: pamwamba pa pepala pali manambala, iliyonse ndi kachizindikiro kake, ndipo iye amayenera kujambula tizizindikiroto m'timabokosi mwachangu kwa mphindi ziwiri. Pamenepo anakanikiza pensulo mpaka kuthyoka, n'kumafufuta chilichonse chimene chinapindika pang'ono. Tsiku lina anamuyezanso kuwerenga, masipelo, masamu ndi kulemba.

Zotsatira zimawerengedwa chonchi. Mwana wapakati pa anzake a msinkhu wake amapeza 100. Ana ambiri amagwera pakati pa 85 ndi 115, ndipo 130 kupita m'mwamba amafikako ana pafupifupi awiri pa 100 alionse. Koma WISC-V situlutsa nambala imodzi yokha. Imayeza mbali zisanu: kumvetsa mawu, kuona maonekedwe ndi malo, kulingalira pa zinthu zachilendo, kusunga zinthu m'mutu ukuzigwiritsa ntchito, ndi liwiro logwirira ntchito yosavuta ndi diso ndi dzanja. Mwana wathu pa kulingalira ndi pa maonekedwe anapitirira 130. Pa mawu anali cha m'ma 120, pa kusunga m'mutu chapamwamba pang'ono, koma pa liwiro anali kunsi pang'ono kwa 100.

Mayiyo anaphimba ndi chala nambala yophatikiza zonse ija, imene anthu amaitcha IQ, n'kunena kuti, "Mayi, iyi musaigwire kwambiri." Anafotokoza kuti mbali yapamwamba ndi yapansi zikatalikirana ndi mapointi oposa 23 kapena chapompo, akatswiri ambiri amaona kuti nambala yophatikizayo sikufotokozanso mwanayo. Zili ngati kuika phazi limodzi pamoto lina m'madzi ozizira n'kumati pakatikati pali bwino. M'malo mwake anawerengera nambala ina, GAI, imene imasiya kunja liwiro ndi kusunga m'mutu, kuti tione kuganiza kwake pakokha. Anatichenjezanso zinthu ziwiri. Nambala iliyonse ili ndi mpata wa kulakwika wa mapointi angapo uku ndi uku. Ndipo mayesowa ali m'Chingerezi, anayerekezedwa ndi ana a kunja, kotero kwa mwana amene amalota m'Chichewa, mbali ya mawu ikhoza kuonetsa zochepa kuposa zimene ali nazo. Katswiri amene satchula zimenezi mu lipoti la mwana wathu wa Chimalawi, ine sindingamukhulupirire.

Apa m'pamene ndinamvetsa mwana wanga. Liwiro lake si lofooka, ndi la mwana wamba wa zaka zisanu ndi zitatu. Dzanja lake ndi la zaka zisanu ndi zitatu. Koma kuganiza kwake kuli patsogolo ndi zaka zingapo, kuwerenga kwake ndi kwa giredi 6, pamene kudziletsa akakhumudwa mwina kutsalira pang'ono kwa anzake. Kukula kosayendera limodzi kumeneku akatswiri a ana anzeru zapadera anakulemba momveka m'chaka cha 1991, gulu lina la ku America lotchedwa Columbus Group litanena kuti ndiko kumene kumasiyanitsa ana amenewa, ndipo kumakula pamene nzeru zikukwera. Mutu wake wafika kale kumapeto kwa nkhani pamene dzanja likadali pa chiganizo choyamba, ndiye amaona zolemba zake n'kunyansidwa nazo, n'kutaya pensulo. Amamvetsa nkhani za imfa ndi nkhondo zimene wamva pa wailesi, koma mtima woti uzinyamule ndi wa kamwana, n'chifukwa chake usiku wina amabwera kuchipinda kwathu akunjenjemera. Ndipo ife akulu, tikamumva akuyankhula ngati wamkulu, timayembekezera kuti azichitanso zinthu ngati wamkulu, akalephera timati ndi mwano.

Za ADHD mayiyo sanathamangire kukana. Anati kukhazikika pa wailesi yakufa si umboni wokwanira, chifukwa ana a ADHD nawonso amamira pa chimene akuchikonda, ndipo mwana akhoza kukhala ndi nzeru zapadera ndi ADHD pamodzi, chimodzi n'kumabisa chinzake. Chimene anayang'ana ndi kufalikira kwa vutolo. Pepala la aphunzitsi linaonetsa zizindikiro zambiri, lathu zochepa, ndipo kakope kaja kanaonetsa kuti vuto limabwera ndi mtundu wa ntchito. Pa mayeso enieniwo, mafunso akamalimba iye amakhazikika kwambiri. Choncho anati pakadali pano palibe chifukwa chomutchulira ADHD kapena kuganiza za mankhwala, koma ntchito ya m'kalasi ikasinthidwa ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi akadali chimodzimodzi, tibwerere.

Lipoti tinalitengera kusukulu, n'kukhala pansi ndi aphunzitsi ake ndi ahedi. Bambo ake ankafuna kuti amudumphitse kalasi. Ine ndinakana, ndipo lipotilo linali mbali yanga: giredi 4 ili ndi zolemba zambiri, ndipo dzanja ndi mtima wake sizinafikeko. Kudumpha kalasi kumathandiza ana ena, makamaka amene mbali zawo zonse zili patsogolo, koma osati uyu chaka chino. Tinagwirizana zinthu zimene mphunzitsi wa ana ambiri angathe. Pa masamu amayamba ndi mafunso asanu ovuta kwambiri a patsambalo, akakhoza onse sachitanso otsalawo, amatenga ntchito ya kalasi yapamwamba imene ili mufayilo yake. Ntchitoyo ikhale yolimba, osati yochuluka, chifukwa mwana akaona kuti mphotho ya kumaliza msanga ndi masamu ena makumi awiri ofanana, amaphunzira kuchedwa dala. Zokopera za pabolodi zachepetsedwa, koma tsiku lililonse amalemba njira yonse ya samu imodzi, mwaukhondo, ndipo pamenepo palibe kunyengerera. Ali ndi kakope kolembamo mafunso ake m'malo mofuula, ndipo aphunzitsi amamupatsa mphindi zochepa pa buleki kuti awafunse.

Malamulo a khalidwe sanasinthe. Akawadula mawu aphunzitsi amapepesa, akamuseka mnzake wochedwa kumva amalandira chilango monga wina aliyense. Kunyumba timasewera naye bawo, ndipo bambo ake samulekera kuti apambane, chifukwa kugonja n'kumene akufunika kuphunzira pamalo pamene palibe omuseka. Makalata a kusukulu achepa, ngakhale kulira pa zolemba sikunatheretu. Mwezi wamawa tikukumananso ndi aphunzitsi, ndipo ngati kagwiridwe ka pensulo sikanasinthe, lipoti linanena kale kuti tikaonane ndi katswiri wothandiza ana kugwiritsa bwino ntchito manja.