Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mayeso a Womasulira Wolumbira ku Joni

Nditatha zaka zingapo ndikumasulira m'makhoti a majisitireti ku Joni, komwe ankandiitana pakakhala Mmalawi wozengedwa mlandu, ndinaganiza zofuna udindo wa womasulira zikalata wolumbira. Ntchito ziwirizi n'zosiyana. Womasulira wa m'khoti amagwira ntchito ndi pakamwa, chifukwa malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996 amapatsa wozengedwa mlandu ufulu womva mlandu wake m'chiyankhulo chimene amachidziwa. Womasulira wolumbira amagwira ntchito ndi zikalata, ndipo amalandiridwa ndi Khoti Lalikulu potsatira Lamulo 59 la kayendetsedwe ka milandu m'khotimo.

Lamulolo limati munthu ayesedwe ndi womasulira wolumbira amene wakhala pa udindowo zaka zosachepera 7, ndipo pempho lifike kukhoti pasanathe miyezi 6 chilembereni mayeso. Ife wa Chichewa wotero sitinampeze, choncho loya wanga anadalira mbali ina ya lamulo lomwelo, yolola khoti kusankha munthu aliyense amene laona kuti ndi woyenera kuyesa. Anasankhidwa bambo wina wachikulire amene anaphunzitsapo ziyankhulo kuyunivesite.

Mwa zikalata zimene anandipatsa munali kalata yolemba pamanja yochokera kwa nyakwawa, yochitira umboni ukwati. Pamwamba inati ukwatiwo unachitika mu 1998, koma m'munsi inati 1989, ndipo chidindo chinali chofufutika moti dzina la boma linkaoneka theka lokha. Ndinalemba zaka zonse ziwiri monga zinalili, n'kuikapo mawu a womasulira osonyeza kuti kusiyanako kuli m'kalata yeniyeniyo. Pa chidindo ndinalemba zilembo zimene zinkawerengeka, ndipo zotsalazo ndinati sizikuoneka, ngakhale kuti Mmalawi aliyense akanatha kulota kuti ndi boma liti.

Pondibwezera mapepala anati, “Achimwene, ambiri amagwera pamenepa. Amakonza chakacho pofuna kuthandiza mwini kalata, osadziwa kuti akatero asanduka mboni pa nkhani imene sanaione.” Anandiuza kuti Chingerezi chokoma sichinali chinthu choyamba chimene ankafuna. Ankawerenga mzere ndi mzere kuti aone ngati ndasiya kanthu, kaya siginecha, mawu ofufutidwa kapena zolemba za m'mbali, komanso ngati mayina a anthu ndawalemba monga mmene analembera mlembi wa mfumu, ngakhale pamene kalembedwe kake kanali kokayikitsa. Ine ndimaona kuti kuuma mtima kotere n'koyenera, pakuti wogwira ntchito ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko sawerenga Chichewa, ndipo amagamula potengera pepala langa lokha.

Bambo ondiyesa aja atalemba kalata yotsimikiza kuti ndakhoza, loya anakapereka pempho, ndipo pa tsiku loikika ndinalumbira kukhoti kuti ndidzamasulira mokhulupirika ndi molondola monga mwa nzeru zanga zonse. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za mitengo imene ndinayamba kulipiritsa pa tsamba lililonse.