Ntchito ya pa WhatsApp yomwe inangofuna mapepala a mphwanga

Abale anga, mphwanga wapusitsidwa sabata yatha. Anaona uthenga pa gulu la WhatsApp wakuti bungwe lina likufuna makalaliki 40, malipiro onona. Anamuuza kuti atumize chithunzi cha chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, satifiketi ya MSCE ndi chithunzi cha nkhope yake, tsiku lomwelo lisanathe. Atatumiza, anamupempha K15,000 ya "fomu ya kuchipatala" kudzera pa foni. Mpamene anadzidzimuka, koma mapepala anali atapita kale.

Titaunikanso uthengawo, adiresi inali ya Gmail, ofesi sanaitchule, mayeso a ntchito kunalibe. Olemba ntchito enieni amayamba ndi kalata ndi CV, mapepala enieniwo mumakawaonetsa pamaso tsiku la intaviyu.

Ndalamayo ndi nkhani yaing'ono. Chondidetsa nkhawa ndi chiphasocho, chifukwa pali dzina, nambala, tsiku lobadwa ndi nkhope. Wakuba akhoza kuyesa kulembetsera simu kapena kutengera ngongole, ofuna ndalama zawo n'kudzagogoda kwa inu.

Ine fotokope iliyonse ndimailemba ndi bolopeni modutsa pakati penipeni: ndapereka kwa ndani, chifukwa chanji, tsiku liti. Osalemba m'mphepete, amangodula. Ndikajambulitsa kusitolo ndimaimirira pomwepo mpaka afufute pa kompyuta, ndi mu Recycle Bin momwe, ndipo mapepala olakwika ndimatenga ndekha. Enatu amakathera kokulungira zitumbuwa!

Mphwangayo tamuperekeza kupolisi, kuti pakhale umboni wa tsiku lomwe chiphasocho chinagwa m'manja mwa akuba.