Kuthokoza ankhoswe amene anachedwetsa ukwati wathu

Loweruka lapitali ine ndi amuna anga tinadalitsa ukwati wathu kuno ku Mzuzu, patadutsa miyezi isanu ndi itatu kuchokera pa tsiku limene tinakonza poyamba. Ndikuthokoza nonse amene munabwera, ndi amayi a ku Chibavi amene munachezera kuphika, koma makamaka amalume anga ndi ankhoswe akuchimuna, amene anakana kuti mwambowo uchitike tisanayankhe mafunso awiri.

Ife tinkadera nkhawa zinthu zina. Amuna anga ndi ofatsa ndipo sakonda phokoso, pamene ine alendo akasowa pakhomo ndimaboweka. Iwo amasapota Bullets, ine Wanderers. Amalume anangoseka n'kunena kuti kusiyana kotere sikupasula banja, chifukwa aliyense angathe kukhala ndi zake popanda kulanda za mnzake. Anati choopsa ndi nkhani imene yankho lake liyenera kukhala limodzi pa anthu awiri.

Funso loyamba linatisowetsa chonena: mmodzi wa inu akamwalira, ana adzakhala kuti? Ine ndine wa ku Dedza, kumene ana amawerengedwa kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi malume. Amuna anga ndi a ku Rumphi, kumene malowolo akaperekedwa ana amakhala a kuchimuna. Zaka zitatu za chibwenzi tinali tisanakambepo zimenezi, poti aliyense ankaona ngati mwambo wa kwawo ndi wodziwikiratu. Ndinalira usiku umenewo, ndipo kunena zoona ndinawakwiyira amalume. Mabanja awiriwa anakumana katatu, mpaka anagwirizana pamaso pa mboni kuti ana adzakhala ndi kholo lotsalalo, m'nyumba yomweyo, ndipo adzayendera agogo a mbali zonse. Ifenso tinalemba wilo, kuti mawu a pakamwa asadzasinthidwe pa maliro.

Lachiwiri linali la ndalama zopita kwa achibale. Ndinkadziwa kuti amuna anga amalipirira sukulu ana awiri a malemu akulu awo, koma sindinkadziwa kuti kwa iwo ndi udindo wosakambirana, wobwera patsogolo pa lendi. Ine ndinkaona ngati ndi chithandizo cha pamene zilipo. Ankhoswe akuchimuna anatiuza kuti tisafunsane ngati timakonda abale, popeza aliyense avomera, koma tifunsane chimene tidzayambe kulipira mwezi umene fizi ndi lendi zidzafikire pamodzi ndalama zili zosakwana. Mayankho athu anasiyana. Pamapeto pake tinagwirizana kupatula gawo limodzi mwa magawo asanu a malipiro athu mwezi uliwonse, la abale a mbali zonse, ndipo likatha wopempha amadikira mwezi wotsatira.

Amalume, pepani chifukwa cha masabata awiri aja amene sindinkayankha foni yanu. Tikubwera ku Dedza mwezi wamawa kudzathokoza pamaso, ndipo apongozi atipatsira kale thumba la nyemba loti tikutengereni.